Kuyankha kalata yochokera ku Embangweni

Achimwene a ku Embangweni, mwati pa mpikisano wothamanga makilomita 10 ku Mzimba Boma munalephera kudya chifukwa cha mantha, ndipo pa kilomita ya 7 mtima unkakuuzani kuti mwagonja.

Kugunda kwa mtima chifukwa cha mantha si matenda, thupi limakhala likukonzekera. Imwani phala kudakali maola atatu. Pamzere woyambira, kokani mpweya mukuwerenga mpaka 4, muutulutse mpaka 6.

Ambiri amalemedwa pa 7 chifukwa choyamba ndi liwiro la anzawo, choncho yambani mofatsa. Maganizo ofooketsawo akabwera, masulani mapewa, sankhani mtengo uli patsogolopo, mudziuze kuti, “Ndifike apo.” Mukafika, sankhani wina.

Koma mukamva chizungulire kapena kupweteka pachifuwa, imani msanga, achimwene.