Kawerengedwe ka Chithunzi cha Choyezera Malungo

Tinene kuti mbale wanu wa ku Tsangano wakutumizirani pa lamya chithunzi cha kachipangizo kamene anayezera mwana malungo. Yambani mwayang'ana pa chilembo C. Pakapanda mzere pamenepo, kachipangizoko sikanagwire ntchito, ngakhale pa T patafiira. Mwanayo akayezedwenso ndi katsopano.

Mzere ukakhala pa C pokha, malungo sanapezeke. Ukaonekanso pa T, ngakhale wozilala, malungo alipo ndithu, ndipo mwanayo alandire mankhwala kuchipatala tsiku lomwelo.

Koma funsani nthawi imene anajambula. Mzere wotuluka zitapitirira mphindi 30 ngwosadalirika, ndiponso kunyezimira kwa dzuwa kumabisa mzere wozilala. Chithunzi chikakukayikitsani, mverani mlangizi wa zaumoyo amene anaona kachipangizoko ndi maso.