Phunziro: Kalata Yosintha Osayinira ku Banki

Mphakati kapena bungwe likasankha atsogoleri atsopano, banki sidziwa. Kufikira italandira kalata, imamverabe siginecha za akale, ndipo siginecha za atsopano zimakanidwa.

Tiyerekeze kuti kwaya ya ku Chonde ili ndi osayinira atatu: wapampando, mlembi ndi msungichuma. Msungichuma wasamukira ku Joni, ndipo kwaya yasankha wina.

Poyamba, chisankhocho chilembedwe m'maminitsi a msonkhano, ndi tsiku lake. Kenaka mlembi alembere manijala wa nthambi imene akauntiyo inatsegulidwa. Kalatayo itchule dzina ndi nambala ya akaunti, tsiku la msonkhano, amene akuchotsedwa, amene akulowa ndi udindo wake, komanso amene akutsala. Inenenso kasayinidwe kake, monga "awiri mwa atatu asayine potapa ndalama".

Osayina kalatayi ndi amene banki ikuwadziwa kale, osati watsopanoyo. Pano ndi wapampando ndi mlembi. N'chifukwa chake musadikire kuti awiri achoke, chifukwa wotsala mmodzi sangakwanitse lamulo la awiri lija, ndipo ndalama zimangokhala osatapika.

Bambo Mfumu akadinda chidindo cha parishi, msungichuma watsopano apite yekha kubanki ndi kalatayo, maminitsi ndi chiphaso chake cha unzika, kuti akasiye siginecha yake. Dzina la m'kalata lifanane ndendende ndi la pa chiphaso.

Pomaliza, pemphani kuti banki idinde kope lanu, ndipo watsopanoyo asasayine potapa ndalama musanatsimikiziridwe kuti kusinthako kwatheka.