Phokoso la kuntchito: mlingo wake ndi nthawi yotseka makutu

Aliyense amene anakulira ku Ntcheu amamudziwa munthu wa pachigayo, kaya pa Lizulu, pa Kampepuza kapena pa Boma. Amayankhula mokuwa ngakhale injini itazima, ndipo mukamupatsa moni amayamba wayang'ana pakamwa panu asanayankhe. Timangoti ndi mmene alili, chonsecho makutu ake anatha ndi phokoso. Abale athu ambiri amene ali ku Joni akugwira ntchito zaphokoso loposa la chigayo: kudula ndi kuwotcherera zitsulo, kucheka matabwa, kuswa konkire, kuyendetsa makina m'mafakitale. Kumeneko kuli malamulo okutetezani, koma amathandiza munthu amene akuwadziwa.

Phokoso amaliyeza m'madesibelo, ndipo pachipangizo choyezera kapena pachikwangwani mudzaona palembedwa dBA. Ku South Africa malire ake ndi 85 dBA pa maola 8. Malamulo a phokoso ochokera m'lamulo la 1993 la chitetezo ndi umoyo pantchito amatero, ndipo a m'migodi, pansi pa lamulo la 1996, amagwiritsanso nambala yomweyi. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Nambala ya 85 siitanthauza phokoso la mphindi imene bwana wabwera ndi choyezera. Ndi phokoso la tsiku lonse, lowerengedwa pamodzi ndi nthawi imene mwakhalamo.

Madesibelo sakwera ngati makilogalamu. Akawonjezekera atatu okha, mphamvu ya phokoso imakhala yawirikiza, choncho nthawi yololedwa imadulidwa pakati. Pa 85 mukhoza kukhala maola 8, pa 88 maola 4, pa 91 maola awiri, pa 94 ola limodzi, pa 97 mphindi 30, ndipo pa 100 mphindi 15 zokha. Yerekezani kuti khutu lili ndi ndowa imodzi patsiku. Phokoso la 85 limaidzaza pang'onopang'ono mpaka poweruka, pomwe la 100 limaidzaza tiyi wa m'mawa asanazizire.

Tiyeni tiwerenge tsiku la mnyamata wokonza mageti ndi mabagalabazi pa shopu ina ku Germiston. Tinene kuti amagwira galainda kwa mphindi 30 zokha patsiku, phokoso lake lili 100. Popeza zololedwa ndi mphindi 15, pamenepo watha kale milingo iwiri yathunthu. Kenako kwa maola awiri amakhala pafupi ndi anzake amene akukhoma zitsulo, pa 88. Zololedwa pamenepo ndi maola 4, ndiye wawonjezera theka la mlingo. Maola asanu ndi theka otsalawo amayeza, kupenta ndi kunyamula katundu pa 79, pomwe munthu angakhale maola 32, ndipo izi zimangowonjezera pang'ono, pafupifupi 0.17. Zonse pamodzi ndi milingo 2.67, zomwe zikufanana ndi kukhala pa 89 tsiku lonse. Iye mwini angalumbire kuti ntchito yake ilibe phokoso kwenikweni, chifukwa nthawi yambiri amacheza ndi anzake bwinobwino. Koma magawo atatu mwa anayi a katundu amene makutu ake asenza achokera m'mphindi 30 zija.

N'chifukwa chake ndimadandaula ndikamva wina akuti sangavutike kuvala zotseka m'makutu podula kachitsulo kamodzi. Mphindi zochepazo ndi zimene zimapha khutu. Ngakhale mutakhala ndi zotseka zabwino koposa, mukazivula kwa ola limodzi mwa maola 8 a phokoso lofanana, chitetezo chanu cha tsikulo sichingapitirire madesibelo 9. A ovataimu nawonso adziwe kuti kukhala pa 85 kwa maola 12 ndi mlingo umodzi ndi theka. Pa shifiti yotere phokoso liyenera kukhala cha pa 83.

Mlingo wa tsiku ukafika 85, ku South Africa malowo ayenera kuikidwa chizindikiro, nthawi zambiri chabuluu chokhala ndi mutu wovala zotseka makutu, ndipo palibe wololedwa kulowamo osavala. Olemba ntchito ayenera kuyamba ayesa kuchepetsa phokosolo pa makina penipeni, kenako apereke zotseka makutu kwaulere, osadula pamalipiro anu. Inunso muli ndi udindo wozivala. Amene muli ku Mangalande, malamulo a 2005 ali ndi masitepe atatu: pa 80 bwana akupatseni zotseka mukapempha, pa 85 kuvala n'kokakamiza, ndipo 87 ndi malire osayenera kudutsidwa pa phokoso lofika m'khutu mutavala kale. Ku Amereka malire ndi 90 ndipo nthawi amaidula pakati pa madesibelo asanu alionse, choncho lamulo lakumeneko limalola phokoso limene kwina aliletsa. Khutu lanu ndi lomwelo kulikonse, ndiye tsatirani 85.

Ngati pamalo panu sanayezepo, pali njira yongoyerekezera. Mukamachita kukuwa kuti amve munthu amene waima mamita awiri kuchokera pamene muli, phokoso lili cha pa 85. Mukamakuwa ali mita imodzi yokha, lafika cha pa 90. Mukaweruka m'makutu mukulira, kapena mawu a anthu m'takisi akumveka ngati akuchokera kuseri kwa khoma, dziwani kuti tsikulo mwapyola mlingo. Kumayambiriro zimatha mukagona, koma zikamabwerezedwa timaselo ta mkati mwa khutu timafa, ndipo sitimeranso. Amayamba kusowa ndi mawu opyapyala, motero munthu amamva kuti ana akuyankhula pafoni koma osagwira bwino chimene akunena.

Thonje kapena tishu sizitseka phokoso mokwanira, ndipo mahedifoni anyimbo amangowonjezera lina. Timapulagi tofewa tija timafuna kavalidwe kake. Kapotokoleni ndi zala zoyera mpaka kaonde, dutsitsani dzanja linalo pamwamba pa mutu n'kukokera khutu m'mwamba, kalowetseni, ndipo kagwireni kwa theka la mphindi kuti kafufume. Mnzanu woima kutsogolo kwanu akamakaona kakutuluka kwambiri, sikanalowe. Zovala pamwamba pa makutu zimalowetsa phokoso ngati pansi pake pali chipewa kapena ngati mphira wake wauma n'kung'aluka.

Chomaliza ndi mapepala, ndipo apa m'pamene ambiri obwerera kumudzi amataya ndalama zawo. Wogwira ntchito pamalo a 85 ku South Africa ayenera kupimidwa makutu poyamba ntchito, kenako nthawi ndi nthawi ali pantchitoyo, komanso posiya ntchito, zonse olipira ndi bwana. Kupima koyambako kumachitika munthu atakhala maola 16 kutali ndi phokoso, ndipo n'kumene kumakhala poyambira kuwerenga. Pansi pa lamulo la chipukutamisozi la COIDA, dandaulo limaganiziridwa ngati kuwonongeka kwa makutu kwawonjezekera ndi 10 peresenti kuchokera pa kupima koyambako. Popanda pepala limenelo zimavuta kusonyeza kuti ugonthi unayambira pa kampaniyo. Pemphani kope la zotsatira nthawi iliyonse mwapimidwa, lijambuleni pafoni n'kutumizira m'bale wodalirika ku Ntcheu, ndipo musakwere basi yobwerera kumudzi musanapimidwe komaliza ndi kulandira pepala lake m'manja.