Mtengo wa Khirisimasi wa nsungwi

Mtengo wapulasitiki wa m'sitolo ukakukanikani kugula, nsungwi imodzi yaitali ikwanira. Sankhani youma bwino. Yaiwisi imafota ikamauma, ndiye zomangira zimakhwefuka, komanso m'chinyezi cha Disembala imachita nkhungu. Mukaona timabowo totuluka ufa, dziwani kuti yafumbwa, isiyeni.

Dulani mzati wa masentimita 150. Yotsalayo ing'ambeni ndi chikwanje, mupale m'mbali kuti isacheke zala, kenako mudule nthambi ziwiriziwiri: za masentimita 80, 65, 50, 35 ndi 20. Ziwiri zazitalizo muzimange mopingasana pa masentimita 50 kuchokera pansi pa mzati. Zotsatira zizikwera ndi masentimita 20, kufupika kukunka m'mwamba. Musakhome misomali, nsungwi imang'aluka. Temani kamphako kosazama pamene nthambi ikhale, ndipo mumange ndi mphira wodula ku chubu chakale cha njinga. Mphira amagwira zolimba kuposa chingwe.

Tsopano poimika mzati, apa ndiye ndikupemphani mumve bwino. Anthu ambiri amangofukula dothi pabwalo n'kudzaza m'chidebe. Kuno ku Kabwe musatero. Mgodi wa mtovu ndi zinki unatsekedwa mu 1994, koma mtovu udakali m'dothi, makamaka ku Kasanda, Chowa ndi Makululu. Dothi likauma m'nyumba limasanduka fumbi, ndipo mwana wokwawa amapisa dzanja m'chidebe n'kuika kukamwa. Mtovu umawononga ubongo wa mwana pang'onopang'ono, popanda chizindikiro choonekera msanga. Mchenga kapena miyala yochokera ku mulu wa zinyalala za mgodi, musayandikize n'komwe pakhomo.

M'malo mwa dothi, ikani mzati pakati pa chidebe, muupanikize ndi mabotolo apulasitiki odzaza madzi ndi otseka bwino, m'mipata mutsendere nsanza. Pamwamba vundikirani ndi katoni yoboola pakati, chidebe chonse muchikulunge ndi chitenje. Kankhani nsonga ya mtengo ndi chala: ukapendekeka, onjezani mabotolo.

Masamba ake ndi nsalu kapena mapepala obiriwira odula timizeremizere, n'kumangirira pa nthambi mothithikana. Telala wa pamsika amakhala ndi zidutswa zotsala, kapempheni. Nyenyezi ya pansonga dulani pa katoni, muikute ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya tiyi. Katoni sigwirizana ndi mvula, choncho mtengo ukhale patali ndi zenera komanso malo amene denga limadontha. Zokongoletsera zolemera muzipachike pafupi ndi mzati, zopepuka kunsonga. Mikanda ndi zitsekerero za mabotolo zikhale pamwamba posafika ana.

Magetsi akazima, kandulo isayandikire mtengowu. Nsungwi youma, nsalu ndi mphira zimayaka nthawi yomweyo. Ngati mukufuna kuwala, gulani timagetsi toyendera mabatire, ndipo muzitithimitsa pokagona.