Kalata ya MRA pa ndalama zochokera kunja

Funso: Ndimakhala ku Zomba, ndimajambula zikuto za mabuku za anthu a ku Britain, ndipo amandilipira kudzera kubanki. A MRA andilembera kalata kufunsa za ndalama zimene sindinaulule. Ndimayesa ndalama yakunja ilibe msonkho. Nditani?

Yankho: Bambo, pamenepo munaphonya. Chofunika si kumene ndalamayo yachokera, koma kumene mwagwirira ntchitoyo. Munajambulira ku Zomba, choncho ndi phindu la m'Malawi.

Kalatayo musaibise pansi pa mphasa. Pitani nokha ku ofesi yawo mukatsimikize kuti ndi yeniyeni, poti akamberembere aliponso, ndipo muyankhe tsiku limene alembalo lisanakwane.

Katengeni sitetimenti yakubanki, mulembe malipiro aliwonse m'makwacha monga analowera tsiku lakelo. Msonkho amawerengera pa phindu, osati pa zonse zolowa. Tiyerekeze munalandira K6,000,000 pa chaka, intaneti ndi zina zantchitoyo zinadya K1,500,000: awerengera pa K4,500,000, bola malisiti alipo. Ngati pali ndalama imene mlongo wanu anatumiza ya maliro, muipatule, muonetse umboni wake.

Chindapusa chingakhalepo, koma pemphani kulipira pang'onopang'ono. Ngati mulibe TPIN, yambirani pomwepo.