Kalata Yopempha Ntchito Kunja: Mafunso Ochokera ku Chalimbana

MUWULUTSI: Makalata a lero ambiri achokera mbali ya ku Chongwe, ndipo mlangizi wathu wa za ntchito ali pano ndi ine. Amayi, ndiyambe ndi kalata ya mtsikana wina wa ku Chalimbana. Akuti anamaliza maphunziro a uphunzitsi wa masamu pa yunivesite ya kumeneko, ntchito ya boma sinatuluke, ndiye akuphunzitsa ana madzulo pakhomo. Anaona kampani ya ku Britain ikufuna aphunzitsi a masamu a pa intaneti. Anatumiza imelo ya ndime zisanu ndi ziwiri pamodzi ndi zithunzi 11 za mapepala ake. Papita mwezi, zii. Akufunsa: ndinalakwa pati?

MLANGIZI: Zikomo, achimwene. Mwanawe, kalata yako ndaiwerenga yonse chifukwa unatitumizira, ndipo ndinene poyera kuti maphunziro uli nawo okwanira. Chakugwetsa ndi kalembedwe. Unalemba monga tinaphunzirira ife tonse polembera ofesi ya maphunziro ya pa boma: adiresi ziwiri pamwamba, mawu odzichepetsa, mbiri yako kuyambira ku pulayimale, kenako za makolo amene akudalira iwe. Ku Chalimbana aphunzitsi akhala akuphunzitsidwa kuyambira 1939, pamene panali sukulu ya Jeanes, ndipo kalembedwe ka ulemu kameneka ndi kathu, sindikunyoza. Koma taganiza za munthu amene analandira imelo yakoyo. Ali ndi mulu wa maimelo ochokera mayiko ambirimbiri, mwinanso akuwerenga pa foni. Iye amaona zinthu ziwiri asanatsegule n'komwe: mutu wa imelo ndi mawu ochepa oyambirira. Mutu wako unali liwu limodzi, `Application`. Ntchito yake iti? Kampani imodzi imatha kulengeza ntchito zingapo nthawi imodzi. Mutu uzitchula ntchito monga momwe iwo anailembera, kenako dzina lako. Tengani cholembera omvera, ndiwerenga pang'onopang'ono:

```
Application: Online Maths Tutor - Dzina Chiwongo
```

Pamene ndati Dzina Chiwongo muike dzina lanu ndi la makolo. Ngati chilengezo chili ndi nambala ya ntchito, muiikenso pomwepo. Ndipo ngati iwo anena okha mutu woti mulembe, kopani wawowo osasintha ngakhale chilembo chimodzi, chifukwa ena amasankhira maimelo ndi mawu amenewo.

MUWULUTSI: Nanga mkatimo alembemo chiyani, poti mwachotsa mbiri yonse?

MLANGIZI: Mbiri ili mu sivi, ikhale komweko. Imelo ingoyankha mafunso atatu amene wolemba ntchito ali nawo mumtima: ukufuna ntchito iti, n'chiyani chikusonyeza kuti ungaithe, ndipo udzapezeka nthawi yanji. Ndaikonza ya mwana wathuyu pogwiritsa ntchito zimene iye mwini analemba, zomwe zinabisala mu ndime yachisanu:

```
Dear Hiring Team,

I am applying for the Online Maths Tutor role. I hold a
teaching degree in mathematics from Chalimbana University,
Zambia, and have tutored 14 secondary pupils since 2023.

I am in Zambia, UTC+2, and can teach 16:00-20:00 UK time,
Monday to Friday. My CV and certificate are attached.

Kind regards,
Dzina Chiwongo
+260 ...
```

Yatha. Mwaona kuti mulibe mawu oti ndine wolimbikira, ndine woopa Mulungu, ndine wokhulupirika. Mawu amenewo aliyense amalemba, ndiye sapatula munthu. Koma ana 14 kuyambira 2023 ndi chinthu chogwirika, munthu angakufunse za icho, iwe n'kuyankha. Chenjezo langa ndi loti nambala ikhale yoona. Ngati anawo ndi asanu, lemba asanu. Pa mafunso adzakufunsa kuti unawaphunzitsa chiyani, ndipo bodza limaonekera pomwepo. Taonanso kuti dzina la yunivesite latsagana ndi dzina la dziko. Ife Chalimbana timaidziwa, koma wa ku Manchester sanaimvepo. Nambala ya foni iyambe ndi +260, uchotse ziro woyambayo, apo ayi sangakupeze.

MUWULUTSI: Amayi, pa nthawi paja ndasokonezeka. Bwanji osangolemba nthawi ya kwathu?

MLANGIZI: Apa ndiye ndikhalitsepo, chifukwa pa ntchito yogwirira kunyumba nthawi ndi theka la nkhani. Wolemba ntchito sadzakuona ukulowa pa geti. Chimene akufuna kudziwa n'chakuti mwana wa ku Britain akaweruka kusukulu, iwe udzakhala uli pa kompyuta. Ukamulembera nthawi ya kwanu, wamupatsa ntchito yowerengera, ndipo wotopa sawerengera, amangopita kwa wina. Werengera iwe. Zambia ili maola awiri patsogolo pa nthawi ya dziko lonse imene amalemba kuti UTC, ndipo ife sitisintha mawotchi chaka chonse. Koma a ku Britain amasintha. Lamulungu lomaliza la Malichi amakankhira wotchi ola limodzi kutsogolo, Lamulungu lomaliza la Okutobala amaibweza. Ndiye mu Januwale tasiyana nawo maola awiri: 16:00 mpaka 20:00 yawo ndi 18 koloko mpaka 22 koloko kuno. Mu Juni tasiyana ola limodzi lokha: ndi 17 mpaka 21. Mwanawe, usanalonjeze maola amenewo, dzifunse ngati 22 koloko usiku udzakhala ndi malaiti ndi netiweki. Tonse tikukumbukira 2024, madzi atachepa ku Kariba, momwe tinakhalira maola ambiri mumdima. Ngati uli ndi sola kapena batire yosunga lapitopu ndi intaneti, onjezera chiganizo chimodzi chonena zimenezo, chimathandiza. Ngati ulibe, usaname kuti uli nayo. Lonjeza maola amene ungathedi.

MUWULUTSI: Tibwere ku zithunzi 11 zija.

MLANGIZI: Ee, apa mtima unandiwawa. Sivi yake inali ndi dzina loti `Document (3).docx`. Satifiketi inali `IMG-20240312-WA0007.jpg`. Dzina lotere limanena lokha kuti chithunzi chinadutsa pa WhatsApp, ndipo WhatsApp imachepetsa zithunzi, mwakuti chidindo ndi tizilembo ting'onoting'ono siziwerengeka bwino. Tsono tamverani chimene chimachitika uko. Wolandira amatsitsa mafayilo onse n'kuwaika mu foda imodzi, kapena amawatumiza kwa mnzake woti asankhe. Pamenepo fayilo yasiyana ndi imelo yake, ili yokha ngati thumba la chimanga pa chigayo. Thumba lopanda dzina mwini wake amadziwika bwanji? M'fodamo muli mafayilo ambiri otchedwa `CV.pdf`, ndipo kompyuta imangowonjezera manambala kumapeto. Choncho dzina la fayilo liyambe ndi dzina lako, kenako chimene chili mkatimo:

```
Dzina-Chiwongo-CV.pdf
Dzina-Chiwongo-Degree-Certificate.pdf
```

Mawu ngati `final`, `new` kapena `edited2` achoke, amenewo ndi a pa kompyuta yako. Ndipo zikhale PDF. Fayilo ya Word ikatsegulidwa pa kompyuta ina mizere imatha kusuntha, tsamba limodzi n'kukhala awiri. PDF imaoneka chimodzimodzi paliponse. Pokhapokha ngati iwo apempha Word, pamenepo mvera iwo. Tumiza zimene apempha basi. Akati sivi yokha, ndi sivi yokha. Satifiketi ya giredi 9, ya kwaya, ya maphunziro a masiku awiri, zonsezo zidikire.

MUWULUTSI: Kalata yachiwiri ndi ya bambo amene amagwira za maakaunti, akuti anaphunzira pa sukulu ya maboma aang'ono ku Chalimbana komweko. Akuti anatumiza mapepala ake ku kampani ya ku South Africa, iwo anayankha kuti sakutha kutsegula. Koma iye akatsegula pa foni yake zonse zikuoneka.

MLANGIZI: Bambo, vuto lanu ndalizindikira. Gmail imalola zomata zosapitirira 25 MB pa imelo imodzi. Mukapitirira, siikana, imakweza fayilo ku Google Drive n'kuika linki m'malo mwake. Inu mukadina imatseguka chifukwa fayilo ndi yanu. Winayo, ngati simunamupatse chilolezo, amakumana ndi chitseko chotseka chomuuza kuti apemphe kaye. Inu muli ndi mwayi kuti anakuyankhani. Ambiri sapempha, amangodutsa. Mudziwa bwanji? Tsegulani imelo munatumizayo mu `Sent`. Mukaona kachizindikiro ka Drive m'malo mwa fayilo yeniyeni, ndi zimenezo. Mankhwala ake si kukonza linki, ndi kuchepetsa fayilo. Musajambule mapepala ndi kamera wamba. Mu pulogalamu ya Google Drive pa foni muli `Scan`: ikani pepala pa tebulo, pafupi ndi windo masana, mujambule, ndipo idzakupangirani PDF yowongoka. Ine ndimalangiza kuti fayilo iliyonse isapitirire 2 MB, chifukwa makampani ena malire awo ndi otsika kuposa a Gmail. Mukatero, dzitumizireni nokha kapena tumizirani m'bale wanu, atsegule pa foni ina. Akawerenga dzina lanu ndi chidindo osavutika, ndiye mutumize. Chosangalatsa kwa inu, bambo, n'chakuti South Africa ndi Zambia nthawi ndi imodzi, za kuwerengera maola zija sizikukukhudzani.

MUWULUTSI: Yotsiriza ndi yaifupi. Mnyamata wa ku Chongwe akuti anayankhidwa tsiku lomwelo kuti ntchito wapeza, koma atumize chithunzi cha reji, pasipoti, ndi ndalama yolembetsera pa foni.

MLANGIZI: Mwanangu, usatumize kalikonse. Wolemba ntchito weniweni salipiritsa munthu kuti amulembe, ndipo sapereka ntchito asanalankhule nawe. Yang'ana adiresi imene yakuyankhayo, mbali ya kumanja kwa chizindikiro cha @. Ngati sikufanana ndi dzina la webusayiti ya kampaniyo, chilembo ndi chilembo, si iwo. Reji ndi pasipoti sizilowa mu imelo yoyamba ngakhale kampani ili yoona. Zimenezo zimabwera mutagwirizana, pa nthawi yosaina. Ndi chithunzi cha reji yako munthu angayese kutenga ngongole m'dzina lako.

MUWULUTSI: Nanga mtsikana wa masamu uja, atumizenso ku kampani yomweyo?

MLANGIZI: Ayambe wawerenganso chilengezo. Ntchito zina amati ndi zogwirira kunyumba koma pansi amalemba kuti munthu akhale m'dziko lawo lomwelo; ikakhala yotero, kalata yabwino bwanji siithandiza, asawononge bandulo. Ngati salemba zimenezo ndipo ntchito ikadalipo, atumize imelo yatsopano ndi mutu uja, mafayilo awiri, osapepesa za yoyamba ija. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri kuli chete, adine `Reply` pa imelo yomweyo kuti zonse zikhale pamodzi, alembe mizere iwiri yofunsa ngati analandira. Kamodzi kokha. Ndipo mwanawe, usanadine `Send`, tayang'ana pansi ngati mafayilo awiriwo alipodi, uwatsegule imodzi imodzi.

MUWULUTSI: Nthawi yatithera. Makalata otsala tiwerenga sabata yamawa.