KULUMIKIZA MAPAMPU AWIRI PA ULIMI WAMTHIRIRA: MOTSATIZANA KAPENA MOPHATIKIZANA?

Mau Oyamba

Madzi akayamba kuperewera m'munda wamthirira, alimi ambiri amaganiza zogula pampu yachiwiri, poyesa kuti mapampu awiri apereka madzi ochuluka kawiri. Kawirikawiri sizitero. Gulu likhoza kusonkha ndalama za pampu yatsopano, mafuta n'kumatha kawiri, koma madzi owonjezereka n'kukhala ochepa kwambiri. Phunziro lino likufotokoza chifukwa chake, kuti mlangizi athe kuunikira alimi ndalama zisanatuluke.

Zinthu Ziwiri Zoyeza pa Pampu

Choyamba ndi kuchuluka kwa madzi otuluka, komwe timayeza m'malita pa sekondi. Chachiwiri ndi msinkhu, umene akatswiri amautcha hedi. Uwu ndi mphamvu ya pampu yokankhira madzi, ndipo timauyeza m'mamita. Pa pampu zofala za injini kapena zamagetsi, zomwe zimaponya madzi ndi chipalasiro chozungulira m'kati, zinthu ziwirizi zimasinthana: msinkhu ukakwera, madzi amachepa.

M'phunziro lonseli tigwiritsa ntchito pampu yachitsanzo, yofanana ndi pampu zazing'ono za petulo. Ikatsekedwa potulukira, imakankha mpaka mamita 30 koma sipereka madzi. Pa mamita 25 imapereka malita 4 pa sekondi, pa mamita 19 malita 6, pa mamita 11 malita 8, ndipo popanda chokwera chilichonse imapereka malita 10. Pampu iliyonse ili ndi manambala akeake otere, omwe amapezeka pa galafu ya m'kabuku kake.

Msinkhu umene pampu imalimbana nawo uli ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi chikweza chenicheni, kuchokera pamwamba pa madzi a mumtsinje kufika pamene madzi akukathira. Ichi sichisintha kaya madzi ndi ambiri kapena ochepa. Mbali yachiwiri ndi mphamvu yotayika pamene madzi akukhulana ndi paipi. Iyi imakula msanga: madzi akachuluka kawiri m'paipi yomweyo, mphamvu yotayika imakula pafupifupi kanayi. Mfundo imeneyi ndiyo phata la nkhani yonse.

Njira Ziwiri Zolumikizira

Kulumikiza motsatizana ndiko kuti pampu yoyamba ithire madzi ake m'kamwa mwa pampu yachiwiri. Madzi omwewo amadutsa m'mapampu onse awiri, choncho chimene chimawonkhetsedwa ndi msinkhu. Pa malita 6 pa sekondi, mapampu athu awiri adzakankha mamita 19 kuwonjezerapo 19, omwe ndi mamita 38.

Kulumikiza mophatikizana ndiko kuti pampu iliyonse ikoke madzi payokha, kenaka zonse zithire m'paipi imodzi. Apa mapampu onse amalimbana ndi msinkhu umodzimodzi, choncho chimene chimawonkhetsedwa ndi madzi. Pa mamita 19, adzapereka malita 6 kuwonjezerapo 6, omwe ndi malita 12. Koma msinkhu wotsiriza ukhalabe mamita 30, monga wa pampu imodzi.

Manambala awa akungosonyeza zimene mapampu angathe kuchita. Madzi enieni ofika kumunda amadalira paipi ndi chikweza.

Chitsanzo: Munda Umodzi, Mapaipi Awiri

Tiyerekeze kuti gulu la alimi likupopa madzi kuchokera mumtsinje kupita m'thanki ya malita 10,000. Thankiyo ili pa mtunda wa mamita 300, ndipo pothira madzi pali mamita 10 pamwamba pa madzi a mumtsinje.

Poyamba, tinene kuti anayala paipi ya pulasitiki ya mamilimita 110. M'paipi yotere, kuphatikizapo zolumikizira zake, mumatayika mamita pafupifupi 5 okha pamene mukudutsa malita 10 pa sekondi. Zotsatira zake ndi izi:

Pampu imodzi: malita 7.6 pa sekondi. Thanki idzadza m'mphindi 22.
Awiri motsatizana: malita 8.8 pa sekondi, mphindi 19.
Awiri mophatikizana: malita 12.6 pa sekondi, mphindi 13.

Apa kuphatikizana ndiko kwapambana, pakuti paipi ili ndi malo olandirira madzi owonjezera. Komabe onani kuti madzi sanafike malita 15.2, omwe akanakhala kawiri. Madzi atachuluka, msinkhu wonse unakwera kuchoka pa mamita 13 kufika pa 18, motero pampu iliyonse inatsika kuchoka pa malita 7.6 kufika pa 6.3.

Tsopano tinene kuti, pofuna kupulumutsa ndalama, anayala paipi ya mamilimita 63 pa malo omwewo. M'paipi iyi mumatayika mamita pafupifupi 20 pamene mukudutsa malita 5 okha pa sekondi. Zotsatira zake zikusintha kwambiri:

Pampu imodzi: malita 4.3 pa sekondi, mphindi 39.
Awiri mophatikizana: malita 4.8 pa sekondi, mphindi 35.
Awiri motsatizana: malita 6.0 pa sekondi, mphindi 28.

Pampu yachiwiri yophatikizidwa yawonjezera theka la lita lokha pa sekondi, chikhalirecho injini ziwiri zikumwa mafuta. Paipi yopapatiza imafuna mphamvu yokankha, n'chifukwa chake kutsatizana kwachitako bwino. Koma chofunika koposa ndi ichi: pampu imodzi pa paipi ya mamilimita 110 inapereka malita 7.6, kuposa mapampu awiri olumikizidwa mwanjira iliyonse pa paipi ya mamilimita 63. Alimi otere akusowa paipi yaikulu, osati pampu yachiwiri.

Potsiriza, tinene kuti thanki ili pa chitunda cha mamita 35, ndipo paipi ndi ya mamilimita 110. Pampu imodzi singafikitse ngakhale dontho, popeza malire ake ndi mamita 30. Mapampu ophatikizana, ngakhale atakhala asanu, sangafikitsenso. Awiri otsatizana adzapereka malita 6.2 pa sekondi.

Zoyenera Kuyeza Musanalangize

1. Yezani madzi amene akutuluka panopa. Gwiritsani ntchito mgolo wa malita 200 ndi wotchi. Mgolo ukadzadza m'masekondi 40, ndiye kuti mukutuluka malita 5 pa sekondi.

2. Ikani geji potulukira madzi pa pampu, kutsogolo kwa valavu yoletsa madzi kubwerera. Baa imodzi pa geji ndi pafupifupi mamita 10 a msinkhu.

3. Werengani geji pampu ikugwira ntchito, kenaka zimitsani injini ndi kuwerenganso paipi ikadali yodzadza. Nambala yachiwiriyi ndi chikweza chochokera pa pampu kufika pothira madzi. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndiyo mphamvu yotayika m'paipi.

M'chitsanzo cha paipi ya mamilimita 63, ngati pampu ili mamita 2 pamwamba pa madzi, geji idzasonyeza pafupifupi mabaa 2.2 pampu ikuyenda, ndi 0.8 itaima. Ndiye kuti mamita pafupifupi 14 akuthera m'paipi. Mphamvu yotayika ikaposa chikweza chotero, yambani mwayerekeza mtengo wa paipi yaikulu ndi mtengo wa pampu pamodzi ndi mafuta ake a zaka zingapo. Ikakhala yochepa ndipo pampu imodzi ikukwanitsa chikweza mosavutikira, kuphatikizana kudzathandiza. Chikweza chikayandikira kapena kuposa malire a pampu, njira ndi kutsatizana.

Zovuta za Mapampu Ophatikizana

Mapampu ophatikizana ayenera kukhala ndi msinkhu wotsiriza wofanana. M'chitsanzo cha paipi ya mamilimita 63, pampu imodzi yokha imakankha kale mamita opitirira pang'ono 24. Mukaiphatikiza ndi pampu imene malire ake ndi mamita 22, yofookayo sidzatulutsa madzi ngakhale pang'ono. Ngati ili ndi valavu yoletsa madzi kubwerera, idzangotakasa madzi omwewo mpaka atenthe ndi kuwononga zotsekera madzi za pa mtanda wa chipalasiro. Ngati ilibe valavu yotere, madzi a pampu yamphamvu akhoza kubwerera kumtsinje kudzera mwa iyo.

Vutoli limagwanso pa mapampu a mtundu umodzi. Liwiro la injini likatsika ndi gawo limodzi mwa magawo 10, msinkhu umatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5, kotero pampu ya mamita 30 imasanduka ya mamita 24. Pofuna kudziwa, khudzani chigoba cha pampu iliyonse itagwira ntchito kwa mphindi zingapo. Imene ikupereka madzi imakhala yozizira. Imene ikungotakasa imafunda. Ikani valavu yoletsa madzi kubwerera pa pampu iliyonse, ndipo iliyonse ikhale ndi paipi yakeyake yokokera madzi.

Zovuta za Mapampu Otsatizana

Mapampu otsatizana ayenera kukhala opereka madzi ofanana, pakuti yaing'ono imatsamwitsa yaikulu. Ngati akusiyana pang'ono, yopereka madzi ambiri ikhale kumtsinje, kuti yachiwiri isasowe madzi.

Samalani ndi kuphulika kwa mapaipi. Munthu akatseka valavu kumunda injini zikuyenda, mapampu athu awiri adzakankha mamita 60, omwe ndi pafupifupi mabaa 6. Paipi ya kalasi 4 inapangidwira mamita 40 okha, ndipo ya kalasi 6 idzakhala pa malire ake enieni. Chigoba cha pampu yachiwiri ndi zotsekera madzi zake zimasenzanso mphamvu yonseyi, choncho onani m'kabuku kake ngati ikuloledwa kutero.

Poyatsa, yambani ndi pampu ya kumtsinje. Madzi akafika ndi kudzadza pampu yachiwiri, yatsani yachiwiriyo. Pozimitsa, yambani ndi yachiwiri. Musalumikize motsatizana pamene chikweza ndi chochepa ndipo paipi ndi yaikulu. M'chitsanzo choyamba chija, pampu iliyonse inakakamizidwa kudutsitsa malita 8.8, pafupi ndi malire ake a malita 10. Pamenepo madzi amasanduka timathovu ta nthunzi polowera, pampu imalira ngati ikupukusa miyala, ndipo chipalasiro chimadyeka.

Dziwaninso kuti njira zonse ziwirizi siziwonjezera kuya kumene pampu ingakokere madzi. Kukoka kumadalira kulemera kwa mpweya, ndipo kawirikawiri sikupitirira mamita 6 kapena 7 m'madera a m'mphepete mwa nyanja yamchere. M'madera okwera monga a Lilongwe, Lusaka ndi Harare, omwe ali mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, malirewa amatsika ndi mita imodzi kapena kuposerapo. Madzi a m'chitsime kapena mumtsinje akaphwera m'mwezi wa Okutobala, njira ndi kutsitsira pampu yoyamba pafupi ndi madzi.

Mukamaliza Kulumikiza

Bwererani ndi mgolo ndi wotchi. Yezani madzi a pampu yoyamba yokha, a yachiwiri yokha ngati malumikizidwe akulola, ndi a zonse pamodzi, ndipo lembani mafuta amene akutha podzadza thanki pa njira iliyonse. Ngati mapampu awiri akungofulumizitsa ntchito ndi mphindi zochepa, langizani alimi kuti aziyendetsa imodzi, inayo ikhale yodikirira tsiku limene inzake idzawonongeke mbewu zili pakati pofuna madzi.